Zolemba za ntchito yoyesa mawu otsatsira awiri: kutchula mtengo kapena kuubisa

Chimene tikufuna kudziwa

Malonda amene tikutsatsa ndi chikwama cha kumsana, ndipo ogula amatipeza potilembera uthenga pa WhatsApp akaona chithunzi chake pa Facebook. Funso lathu ndi limodzi: kodi mawu amene timalemba pa chithunzicho azitchula mtengo, kapena aziuza munthu kuti afunse yekha? Ogulitsa ambiri amabisa mtengo poganiza kuti munthu akangoyamba kucheza nawo amunyengerera mpaka agule. Ena amati kubisa mtengo kumangodzaza foni ndi anthu ofunsa amene alibe cholinga chogula. Maganizo onse awiri ndi omveka, nchifukwa chake tasankha kuyesa.

Mawu A akuti: "Chikwama cha kumsana chosalowa madzi, chili ndi thumba la laputopu. Tilembereni uthenga tikuuzeni mtengo."

Mawu B akuyamba chimodzimodzi, koma chiganizo chachiwiri chikutchula mtengo m'manambala, kenako nkuti: "Tilembereni uthenga muode chanu."

Chithunzi ndi chimodzi, batani lodina ndi limodzi, ndalama zotsatsira ndi zofanana. Panali maganizo oti mawu B akhale ndi chithunzi china chowala kwambiri, koma tawakana. Zinthu ziwiri zikasintha nthawi imodzi, zotsatira zikabwera palibe angadziwe ngati chagwira ntchito ndi chithunzi kapena mtengo. Tasamalanso kuti mawu onse akhale aafupi, chifukwa pa foni mawu aatali amadulidwa patatha pafupifupi zilembo 125, otsalawo nkubisika kumbuyo kwa See more. Mtengo utagwera kumbuyo kumeneko, anthu ambiri akanaona mawu B ngati mawu A, ndipo tikanakhala tikuyesa chinthu chimodzi kawiri.

Zinthu zitatu tazilemba tisanayambe, kuti pasadzakhale kusintha malamulo mpira uli mkati. Choyamba, "yankho" ndi munthu mmodzi amene watumiza uthenga; akatumiza kasanu tiwerengabe mmodzi. Chachiwiri, "kugulitsa" ndi pamene ndalama zalowa, osati pamene munthu wanena kuti "ndisungireni". Chachitatu, mayankho ndi zogulitsa zikasemphana, zogulitsa ndizo zidzagamule, ndipo zikadzalephera kugamula tidzayang'ana kuchuluka kwa ntchito ya woyankha mauthenga. Mayeso ayenda masiku 7, kenako tidikira masiku ena 7 owerengera amene alipira mochedwa.

Kugawa anthu

Njira imene imabwera msanga m'mutu ndi yoika mawu A Lolemba, mawu B Lachinayi, nkuyerekeza. Njirayi siithandiza. Anthu amene ali pa foni Lolemba m'mawa si ofanana ndi a Lachinayi madzulo, ndalama m'matumba mwa anthu zimasintha ndi tsiku la mwezi, ndipo amene aona chikwamacho kachiwiri Lachinayi anachiona kale Lolemba. Akagula, tingati wagulitsa ndi mawu ati? Kuika zonse ziwiri tsiku limodzi pa tsamba limodzi nakonso nkovuta, chifukwa otsatira tsambalo aona zonse, ndipo mtengo wa pa B uyankha funso la pa A.

Tagwiritsa ntchito gawo la A/B Test mu Ads Manager, malo okonzera ndi kuyang'anira zotsatsa za pa Facebook. Ubwino wake ndi woti limagawa anthu m'magulu awiri mwachisawawa, ndipo munthu wa gulu limodzi saonetsedwa zotsatsa za gulu linalo. Izi nzosiyana ndi kungoika zotsatsa ziwiri mu kampeni imodzi. Mukatero, makina amaona kuti ina yayamba bwino m'maola oyamba nkuiunjikira ndalama, inayo nkutsala osaonedwa, ndipo pamapeto mumayerekeza anthu zikwi zambiri ndi anthu ochepa chabe.

Pali malire amene tiyenera kuwakumbukira. Ngakhale magulu agawidwe bwino, mkati mwa gulu lililonse makina amasankhabe amene awaonetse, kufunafuna anthu amene akuoneka kuti angachite chimene tapempha. Ife tapempha mauthenga, choncho makina akusaka anthu okonda kulemba mauthenga, osati okonda kugula. Tanthauzo lake nlakuti zotsatira zathu zitiuza momwe mawu aliwonse amachitira pamodzi ndi kasankhidwe ka makinawo. Kwa ife zimenezo nzokwanira, pakuti tidzatsatsabe pa njira yomweyo, koma zotsatirazi sitingazitengere ku chikwangwani kapena kwina kulikonse.

Kudziwa kumene uthenga wachokera

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni. Ads Manager imatha kuwerenga macheza amene ayambika, koma ndalama zimene munthu walipira titacheza naye siiziona. Tikufunika njira yotsata munthu kuchokera pa uthenga woyamba mpaka pa malipiro.

Zotsatsa zilizonse taziikira uthenga wolembedwa kale umene umatuluka munthu akadina batani. Wa mawu A ukuthera ndi chizindikiro Z1, wa mawu B ukuthera ndi Z2. Amene akugwiritsa ntchito linki m'malo mwa batani angachite chimodzimodzi motere, nambala ikhale yoyamba ndi kodi ya dziko, yopanda + komanso yopanda 0 wakutsogolo:

```
https://wa.me/NAMBALA?text=Ndikufuna%20chikwama%20Z1
https://wa.me/NAMBALA?text=Ndikufuna%20chikwama%20Z2
```

Uthenga wolembedwa kalewu uyenera kufanana mbali zonse, kupatula chizindikirocho. Mbali ina itati "Ndikufuna kugula" ina nkuti "Mtengo ndi bwanji?", tikanakhala talowetsa kusiyana kwachiwiri mosadziwa.

Woyankha akangolandira uthenga akuika chizindikiro cha mtundu pa machezawo mu WhatsApp Business, kenako akulemba mzere umodzi mu tebulo la Google Sheets. Tebuloli lili ndi mizati isanu ndi umodzi: tsiku la uthenga woyamba, chizindikiro, manambala anayi omaliza a foni, funso loyamba la munthuyo, pamene nkhani yafika, ndi tsiku lolipira. Manambala anayiwo ndi othandiza kugwira munthu amene walemba kawiri, popanda kusunga nambala yake yonse. Pa mzati wa pamene nkhani yafika tikuloleza mawu anayi okha: "wafunsa", "wasowa", "walonjeza", "walipira". Woyankha aliyense akamalemba m'njira yake, wina "walipira" wina "wagula", fomula yowerengera imasiya mizere ina:

```
=COUNTIFS(B:B,"Z1",E:E,"walipira")
```

Oyankha alipo awiri, ndipo onse akuyankha mbali zonse mosinthana malinga ndi momwe mauthenga akufikira. Tikanapereka A kwa mmodzi, B kwa mnzake, tikanayesa luso la anthu awiriwo m'malo moyesa mawu. Mayankho oyamba tawalemberatu: moni, mtengo, mitundu imene ilipo, ndi njira yolipirira. Kuchotsera mtengo kwaletsedwa mbali zonse mpaka mayeso atha.

Tsiku lachitatu

Mayankho: A 97, B 52. Olipira: A 8, B 5.

Pongoyang'ana, A akutsogola paliponse, ndipo pamveka kale mawu oti tizimitse B tisawonongere ndalama. Sitizimitsa. Kusiyana kwa ogula atatu pa anthu 13 nkochepa kwambiri moti kungabwere ngakhale mawu onse atakhala ofanana. Komanso munthu akamasuzumira manambala tsiku lililonse nkuimitsa mayeso tsiku limene mbali imodzi yaoneka patsogolo, amalengeza wopambana kawirikawiri ngakhale palibe kusiyana kwenikweni, chifukwa manambala aang'ono amakwera ndi kutsika, ndipo tsiku lina mbali imodzi idzaoneka patsogolo basi. Tikuyang'ana tsiku ndi tsiku kuti tione ngati zonse zikuyenda, ngati ndalama zikutuluka mofanana, ngati palibe zotsatsa zimene zakanidwa. Kugamula kudikira tsiku limene tinalemba.

Sitikhudzanso mawu kapena ndalama pakati pa mayeso. Kusintha kwakukulu pa zotsatsa kumabwezera makina pa chiyambi, ayambenso kuphunzira anthu oyenera kuwaonetsa, ndipo masiku apambuyo pake sangaphatikizidwe bwino ndi oyamba.

Zovuta ziwiri zaoneka lero. Choyamba, pansi pa zotsatsa A anthu akufunsa mtengo poyera, ndipo munthu wina amene anagula kale wawayankha polemba mtengowo. Kwa maola angapo aliyense wotsegula ndemanga za A wakhala akuona mtengo, kutanthauza kuti kwa iwo A wasanduka B. Ndemangayo yabisidwa, ndipo oyankha akuyang'ana pansi pa A m'mawa, masana ndi madzulo. Ofunsa poyera akuyankhidwa ndi chiganizo chimodzi chowalozera ku uthenga. Vuto lotere limachepetsa kusiyana kwa mbali ziwiri, silikukulitsa, choncho kusiyana kumene tidzapeze pa mayankho kungakhale kocheperako pang'ono kuposa kwenikweni.

Chachiwiri nchobisika kwambiri. Mauthenga a A akuchuluka madzulo, mzere wa oyembekezera ukutalika, ndipo anthu a B akudikira mu mzere womwewo. Munthu wa B amene wabwera atadziwa kale mtengo, ndalama zili m'manja, akudikira ola lathunthu chifukwa woyankha ali kalikiliki kuuza anthu a A mtengo. Magulu anagawidwa bwino pa makina, koma akukumana pa foni imodzi, ndipo mbali ina ikuchedwetsa inzake. Tawonjezera woyankha wachitatu kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko madzulo, ndipo cholinga ndi choti uthenga woyamba uliwonse uyankhidwe pasanathe mphindi 15, posayang'ana chizindikiro chake. Sitinasankhe kuyamba kuyankha a B, ngakhale akuoneka okonzeka kugula, chifukwa kutero kukanakhala kukondera.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, zotsatsa zazimitsidwa

Anthu amene aona: A 12,140, B 11,960. Kusiyana kwake sikufika 2 peresenti, choncho tingayerekeze manambala a mbali ziwiri mwachindunji. Zikanasiyana kwambiri tikanayamba tawerengera pa anthu 1,000 alionse.

Mayankho: A 214, B 131. Olipira mpaka lero: A 15, B 20. Amene ankatsogola pa zogulitsa tsiku lachitatu tsopano ali kumbuyo.

Pali mauthenga ena 26 opanda chizindikiro. Ena anafufuta uthenga wolembedwa kale nkulemba wawo, ena anasunga nambala nkulemba tsiku lina, ena anaipatsidwa ndi mnzawo. Oyankha anayesa kufunsa kuti "Munaona mawu otani?", koma ambiri amangoti anaona chikwama. Sitikuwagawira mbali iliyonse mongoganiza. Kunena kuti aliyense wofunsa mtengo ndi wa A kungaoneke kwanzeru, koma kumeneko nkulowetsa yankho limene tikufuna m'manambala amene akuyenera kutipatsa yankholo. Ali pa mzere wawo wa "sizikudziwika".

Masiku odikira atha

Olipira omaliza: A 19, B 24. Mbali iliyonse yawonjezera anthu anayi zotsatsa zitazimitsidwa kale, ndiye kuti ogula 8 mwa 43 akanatayika tikanatseka buku tsiku lomwe lija. Olonjeza amene sanalipire mpaka lero alembedwa "wasowa".

Tsopano funso nlakuti kusiyana kuti nkwenikweni, ndipo kuti kungakhale kwamwayi chabe. Magulu akakhala ofanana kukula, ndipo chimene tikuwerenga chikuchitika kwa anthu ochepa mwa ambiri, pali muyezo wosavuta. Phatikizani manambala awiriwo, pezani nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yokha imapereka chiwerengerocho, kenako muichulukitse kawiri. Kusiyana kwa mbali ziwiri kukaposa chimene mwapezacho, nkovuta kuti kukhale kwamwayi. Kukachepa, simunadziwe kanthu.

```
=2*SQRT(214+131)
=2*SQRT(19+24)
```

Pa mayankho muyezo ukutuluka 37, ndipo kusiyana ndi 83. Apa palibe chikayiko: kubisa mtengo kukubweretsa mauthenga ambiri, pafupifupi 18 pa anthu 1,000 alionse poyerekeza ndi 11.

Pa zogulitsa muyezo ukutuluka 13, ndipo kusiyana ndi 5. Sitinganene kuti B amagulitsa kwambiri. Sitinganenenso kuti mawu awiriwa ndi ofanana, ndipo anthu ambiri amagwa apa. Chimene manambalawa akulola ndi ichi: pa anthu ochuluka chonchi, B angakhale akugulitsa zikwama zochepera ndi 8 kuyerekeza ndi A, kapena zochuluka ndi 18, kapena paliponse pakati pamenepo. Mpata umenewo ndi waukulu.

Mwa mauthenga 26 opanda chizindikiro aja, atatu analipira. Tayesa kuwaika onse kwa A, zikukhala 22 ndi 24. Tayesa kuwaika onse kwa B, zikukhala 19 ndi 27, kusiyana kwa 8 pa muyezo wa pafupifupi 14. Kulikonse kumene angapite, chigamulo sichisintha, choncho sitifunika kuvutika nawo.

Pali nambala ina yokopa imene tiyenera kuigwira mosamala. Mwa olemba mauthenga a A, pafupifupi 9 peresenti ndi amene alipira. Mwa olemba mauthenga a B, pafupifupi 18 peresenti. Wina angati B akugulitsa kuwirikiza kawiri. Si choncho. Amene anagawidwa mwachisawawa ndi anthu oona zotsatsa, osati olemba mauthenga. Olemba anadzisankha okha, ndipo a B anali atasefedwa kale ndi mtengo: amene anaona kuti wakwera sanalembe nkomwe. Mawu aliwonse amene amathamangitsa ofunsa ambiri amakweza peresenti imeneyi, ngakhale atathamangitsa ndi ogula omwe. Mawu oipa kwambiri amene abweretsa anthu awiri okha, mmodzi nkugula, angaonetse 50 peresenti. Poyeza zogulitsa, nambala yachilungamo ndi ya ogula pa anthu amene anaona: A pafupifupi 1.6 pa 1,000, B pafupifupi 2.0, ndipo tanena kale kuti kusiyana kumeneko sikunatsimikizike.

Peresenti ija ili ndi ntchito yake kwina, pa kuyeza thukuta. Kuti tigulitse chikwama chimodzi kudzera mu A tacheza ndi anthu oposa 11. Kudzera mu B tacheza ndi anthu osakwana 6. Mzati wa funso loyamba ukufotokoza chifukwa chake. Mwa anthu 214 a A, 139 anafunsa mtengo, anauzidwa, ndipo sanalembenso. A B amafika ndi mafunso ena: mitundu ilipo ndi iti, laputopu yaikulu ilowa, chifika liti. Nawonso ena amasowa, 58 mwa 131, koma macheza awo amayambira patsogolo.

Kwa ogulitsa amene amati macheza amanyengerera munthu wozengereza, umboni wathu sukuwatsutsa kotheratu. Mwa ogula a A mwina alipo amene akanaona mtengo pa chithunzi akanadutsa. Koma ngati alipo, sanachuluke mokwanira kuti aoneke m'manambala, pomwe mauthenga owonjezera 83 aoneka bwino lomwe.

Kodi tipitirize mpaka zogulitsa zigamule?

Tawerengera kuti zingafune chiyani. Tiyerekeze kuti B amagulitsadi kuposa A ndi 25 peresenti, kutanthauza zikwama 5 pa 4 zilizonse za A. Pa zikwama 9 zogulitsidwa, kusiyana ndi chimodzi. Kuti kusiyana kotere kufike pa muyezo uja, zogulitsa za mbali zonse ziyenera kukwana pafupifupi 324: A 144, B 180, kusiyana 36, muyezo 36. Ndipo pamenepo nkungofika pa mzere chabe, mwayi woti mayeso aonetse kusiyanako uli ngati theka. Kuti tikhale ndi chiyembekezo chabwino zingafunike pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ife timagulitsa zikwama pafupifupi 40 pa sabata ya zotsatsa, ndiye tikunena za miyezi iwiri kapena inayi. Pa nthawi yonseyo anthu omwewo akhala akuona chithunzi chomwecho mpaka kutopa nacho, nyengo isintha, mwina ndi mtengo womwe usintha.

Ichi ndi chimene malangizo ambiri a kuyesa mawu satchula. Bizinesi yaing'ono ingadziwe msanga mawu amene amabweretsa mauthenga, chifukwa mauthenga amabwera mazanamazana. Koma pa zogulitsa ingathe kuona kusiyana kwakukulu kokha, monga pamene mbali ina ikugulitsa kuwirikiza kawiri: 15 ndi 30 zikusiyana ndi 15, muyezo wake ndi 13. Kusiyana kwa pang'ono kumamira. Nchifukwa chake kuyesa tinthu ting'onoting'ono, monga kusuntha liwu limodzi kapena kuwonjezera kachithunzi komwetulira, nkutaya ndalama kwa amene amagulitsa zinthu makumi ochepa pa sabata.

Tagwirizana kubwereza kamodzi kokha, masiku 7 ndi ena 7 odikira, pa chigawo china cha mwezi. Cholinga si kusaka chipambano cha B, koma kuona ngati zimene zaonekazi zibwerezeka, makamaka popeza ulendo woyamba unali ndi vuto la ndemanga ndi la mzere wa madzulo. Talemba kuti sipadzakhala ulendo wachitatu kaya zotsatira zikhale zotani. Kubwereza mobwerezabwereza mpaka mbali imene mukuikonda idutse muyezo nkofanana ndi kusuzumira kuja.

Ulendo wachiwiri

Zonse zasiyidwa momwe zinalili, kupatula ziwiri: woyankha wa madzulo analipo kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndemanga za A zinkayang'anidwa kuyambira ola loyamba. Amene analemba uthenga ulendo woyamba tawagwira ndi manambala anayi aja, ndipo sanawerengedwenso ngati atsopano.

Mayankho: A 198, B 127. Olipira: A 22, B 27.

Kuphatikiza maulendo onse awiri, mayankho ndi 412 kwa A ndi 258 kwa B. Olipira ndi 41 kwa A ndi 51 kwa B, kusiyana kwa 10 pa muyezo wa 19. Monga tinawerengera, zogulitsa sizinagamulebe. B watsogola maulendo onse awiri, koma kutsogola kawiri motsatizana kumachitika mwamwayi kamodzi pa kanayi, choncho sitikukuika pa mndandanda wa umboni. Chimene chasintha ndi mpata uja. Pa masabata awiri a zotsatsa, B angakhale kumbuyo ndi zikwama 9 zinthu zitaipitsitsa, kapena patsogolo ndi 29. Kutaya kumene kungatheke nkochepa poyerekeza ndi phindu limene lingatheke.

Pa ntchito ya oyankha nkhani ndi yomveka: macheza 10 pa chikwama chimodzi kwa A, macheza 5 kwa B. Malinga ndi lamulo lachitatu limene tinalemba poyamba, ichi ndicho chikugamula. Kuyambira sabata ino zotsatsa za chikwamachi zizitchula mtengo, ndipo woyankha wa madzulo wabwerera ku ntchito yake yolongedza katundu.

Chenjezo kwa amene adzayang'ane Ads Manager yokha: kumeneko A ndi amene akuoneka wopambana, chifukwa mtengo wa uthenga umodzi ndi wotsika. Ndalama zofanana zagawidwa pa mauthenga 412 m'malo mwa 258, ndiye nambalayo iyenera kutsika. Ikuyankha funso la mauthenga molondola, koma funso lathu linali la zogulitsa, ndipo yankho lake lili mu tebulo.

Chigamulochi ndi cha chikwama ichi pa mtengo uwu. Pa katundu wodula kwambiri amene amafuna kufotokozera, kapena ntchito imene mtengo wake umadalira zofuna za munthu, kubisa mtengo kungakhale ndi zotsatira zina, ndipo kumeneko kuyenera kuyesedwa pakokha. Momwemonso bizinesi imene imapindula ndi manambala a anthu ofunsa, powalembera pakabwera katundu wina iwo atavomera, ingaone mauthenga owonjezera a A ngati phindu. Ife sitinatsate anthu amenewo kupitirira masiku 7 odikira aja, choncho mbali imeneyo manambala athu sakuikhudza.

Zotsatira

Mawu B tsopano ndiye poyambira pa mayeso ena. Mzati wa funso loyamba ukuonetsa kuti ofunsa a B ambiri amafuna kudziwa ngati laputopu yawo ilowa, choncho mawu atsopano adzatchula muyezo wa thumbalo m'chiganizo choyamba m'malo mwa "chosalowa madzi". Mtengo udzakhalapo mbali zonse ziwiri. Zizindikiro zidzakhala Z3 ndi Z4, kuti mauthenga ochedwa a mayeso akale asasakanikirane ndi atsopano, ndipo zidzasunthidwira kumayambiriro kwa uthenga wolembedwa kale, chifukwa oyankha aona kuti anthu ambiri amafufuta kumapeto pofuna kuwonjezera funso lawo. Tebulo liwonjezeredwa mzati wa mphindi zimene munthu anadikira yankho loyamba, kuti vuto la mzere likadzabweranso lidzaoneke m'manambala tsiku lomwelo.